Mwana aidziwe kapu bere lisanachoke

Kwathu kuno ku Thyolo, olo kwa anzathu a ku Mulanje, kapu timaikumbukira mochedwa. Mayi amayamwitsa mpaka tsiku loti zavuta, kaya aima ina, kaya ntchito yaitana ku esiteti, nde tsiku lomwelo bere lachoka, tsiku lomwelonso mwana amugwiritsa chikapu cha tiyi cha abambo ake kuti amwe. Mwana akulira, akutsamwa, madzi onse athera pachifuwa, agogo akuti ameneyu watengera makani akuchimuna, mawa lake wina wakwera kabaza wa ku Luchenza kukagula botolo. Chonsecho si makani. Kumwera m'kapu mwana amachita kuphunzira, ndipo zimatenga miyezi, nde nthawi yabwino yophunzira ndi pamene akadayamwa, ali wokhuta, sakudandaula kanthu. Kumuletsa bere kapena botolo ndi nkhani ina, imabwera pambuyo kapu ataidziwa kale.

Tiyambe ndi chomwe chimachitika m'kamwa mwake, chifukwa mukamvetsa pamenepa zina zonse zikhala zosavuta. Poyamwa wolamula ndi mwana. Akakoka mkaka ukubwera, akasiya nawonso wasiya, amapuma kaye n'kuyambiranso, ndipo mkakawo umafikira chakumbuyo kwa kamwa, pafupi ndi pomezera. M'kapu sizili choncho. Madzi amafikira kutsogolo pamilomo, mlomo wapansi uyenera kugwira m'mphepete mwa kapu kuti asadonthe, chibwano chikhazikike, lilime liwasonkhanitse n'kuwakankhira kumbuyo, ndipo pa kamphindi komeza kaja njira ya mpweya itsekeke. Zonsezi mwana sanazichitepo motsatana chonchi. Kuwonjezera apo madzi amathamanga, sali ngati phala loti limadikira palilime. N'chifukwa chake mwana amene amadya phala bwinobwino amatha kutsamwa ndi madzi ochepa kwambiri, ndipo akatsamwa moopsa kawiri katatu amayamba kuiopa kapuyo, akangoiona amatembenuza nkhope.

Msinkhu woyambira ndi miyezi 6, nthawi yomweyo yomwe akuyamba phala. Asanafike apo ndi kuyamwitsa mwakathithi monga amatiuzira kusikelo, opanda olo madzi, ngakhale mu Okotobala kukuwotcha chotani, poti mkaka wa m'mawere pawokha ndi madzi pafupifupi magawo 87 pa 100 alionse. Koma musangowerenga miyezi pakabuku, muoneninso mwanayo. Khosi likhale litalimba loti mutu sukugwera uku ndi uku, ndipo azitha kukhala tsonga mutamugwirizira pamiyendo. Za kuyembekezera nazo tinene, kuti musataye mtima: pofika chaka ana ambiri amamwa bwino inu mutawagwirira kapu, pofika chaka ndi theka amagwira okha koma kutaya kumakhalapo ndithu, ndipo ena amafika zaka 2 malaya akunyowabe. Kutaya si kulephera. Muvekeni kansalu pakhosi kapena mumuvule malaya kukakhala kotentha, basi. Nthawi ya chiperoni mokha muja ndi pomwe muyenera kumusintha msanga asazizidwe.

Kapu yake ikhale yaing'ono kwambiri. Anthu amadabwa ndikawauza kuti kakapu kaja kamabwera pamwamba pa botolo la mankhwala a ana, kotsukidwa bwino, n'kabwino kuyambira kuposa kapu yokongola ya m'shopu. Chifukwa chake n'choti kapu ikakhala yaikulu ndi yakuya, madzi ali pansi, mumayenera kuipendeketsa kwambiri kuti afike pamlomo, ndiye akafika amafika onse kamodzi, komanso mphepete yake yam'mwamba imamutseka mphuno ndi maso inu osaona zomwe zikuchitika. Kakapu kakang'ono mumathiramo masipuni aakulu awiri, madzi ali kale pafupi ndi kukamwa kwake, mukangopendeketsa pang'ono afika. Yapulasitiki yolimba ya mphepete yosalala ili bwino. Yachitsulo yosupuka m'mphepete kapena yagalasi ayi, mwana amene mano akumera amaluma chilichonse. Ndipo ikhale yake yokha, osati ija yotungira mumtsuko yomwe aliyense wolowa m'nyumba amamwera. Itsukidwe ndi sopo, iume, isungidwe m'bakuli lovindikira.

Pali makapu aja okhala ndi chivindikiro ndi kamlomo kotulukira, ena ali ndi kavavu mkati koti madzi asatayike olo mwana aizondotse. Amawo, kunena mosabisa, ndi botolo lomwe langosintha malaya. Mwana amakokabe ngati akuyamwa, sanaphunzire kalikonse, ndipo mkati mwa kamlomo kaja mumabisala zoipa zomwe chala chanu sichifikako. Paulendo wa m'minibasi mwina ingathandize, koma si yophunzitsira.

Kamwetsedwe kake nkotere. Mwana akhale tsonga pamiyendo panu, nsana wake utatsamira pamimba panu kapena pamkono, osati chagada. Chibwano chikhale chowongoka kapena choweramira pang'ono. Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa, timamupendeketsa mutu chakumbuyo kuti madzi alowe bwino, pomwe mutu ukapita kumbuyo madzi amathamangira kukhosi mwana asanakonzeke kumeza ndipo njira ya mpweya imakhala yosatetezeka. Ikani mphepete ya kapu pamlomo wapansi, osaikankhira mkati kuseri kwa nkhama, kenako pendeketsani mpaka madzi angokhudza mlomo wam'mwamba, n'kuima pomwepo. Osathira. Dikirani. Mwana adzayamba yekha kupsontha kapena kunyambita, akatenga kamodzi bwezani kapu pang'ono, muone kholingo likuyenda kuti wameza, apume, kenako mubwerezenso. Masiku oyamba akamwa kawiri katatu zakwana, cholinga si kuthetsa ludzu, ludzu likuthetsedwa ndi bere. Muzichita izi pa nthawi ya phala, akadya masipuni angapo mumupatse kapu, tsiku ndi tsiku. Akafuna kugwira musamuchotse manja, ikani manja anu pamwamba pa ake. Komanso muzimwa inuyo akuona, ana a msinkhu umenewu amakopera chilichonse, makamaka kwa achimwene kapena achemwali awo.

Ndipo chonde, zija zomutsina mphuno kuti atsegule kukamwa, kapena kumugoneka pamiyendo n'kumamuthira ndi chikhatho, tizisiye. Mwana amameza chifukwa akufuna mpweya, ndipo zina zimalowera m'mapapo, kumene kungayambike chibayo.

Nanga m'kapumo muzikhala chani? Kuyambira miyezi 6 mpaka chaka, madzi abwino ndi mkaka basi. Madzi owiritsa n'kuzizira, kapena othira wotagadi kapena kulorini ya azaumoyo n'kudikira mphindi 30, olo atakhala a pamjigo kapena a pampopi wochokera kuphiri ooneka oyera mbee, poti ambiri amaipira m'chigubu ndi mumtsuko kunyumba konkuno. Muyezo wake pa msinkhu umenewu ndi wochepa, pakati pa mamililita 120 ndi 240 tsiku lonse, kutanthauza kuti botolo lagalasi la Fanta lija la 300 lisadzaze. Akachulukitsa madzi kamimba kake kamadzaza, nde amayamwa pang'ono n'kukana phala.

Tsopano za tiyi, poti tili kwawo kwa tiyi. M'nyumba zambiri kuno chinthu choyamba chomwe mwana amalawa m'kapu ndi tiyi wa amayi ake, wa shuga masipuni atatu, ndipo amamukonda kwambiri moti timasangalala kuti waphunzira kapu. Koma tiyi ali ndi zinthu zomwe zimagwira ayironi wa m'chakudya kuti asalowe m'thupi, ndipo pa miyezi 6 m'pamene ayironi yemwe mwana anabadwa naye amakhala akutha. Ndiye mwana wa phala la mgaiwa lopanda nsinjiro, n'kutsirizira tiyi, mudzamva kusikelo kuti magazi ndi ochepa. Sobo, mafirizi, Fanta, zonsezo ndi shuga wothira mtundu. Thobwa nalo limakhala ndi shuga ndipo likagona limasasa, komanso limakhutitsa popanda zambiri zomanga thupi. Nanazi, papaya, nthochi, peyala, mupatseni chipatso chenichenicho chopotedwa, osati kufinya madzi ake okha. Uchi ayi mpaka akwanitse chaka. Mwana akazolowera kuti m'kapu mumakhala zotsekemera, tsiku lomwe mudzathiremo madzi kapena mkaka wopanda shuga adzakukanirani, nde mwadzipangira nokha ntchito.

Wina afunsa kuti nanga botolo lalakwa chani, si losavuta? N'losavuta kumwetsa, koma kutsuka kwake ndi ntchito yeniyeni. Kamphira kaja, mazinga a chitsekerero, pansi pa botolo, zonsezi zimafuna burashi, sopo ndi kuwiritsa nthawi iliyonse musanathiremo mkaka, ndipo ndani ali ndi makala oyatsira mbaula kanayi patsiku chifukwa cha botolo? Zimathera potsukuluza ndi madzi ozizira, mkaka wotsalira m'kamphira uja n'kumaswa tizilombo. Tinaona tokha kolera wa 2022 mpaka 2023, kenako namondwe Freddy mu Malichi 2023 atakokolola mipope ndi zimbudzi kuno, madzi oyera anali osowa. Kapu mumaiona mkati monse, chala ndi sopo zimafika paliponse, ndipo singatsale ndi mkaka n'kumayenda nawo mwana tsiku lonse ntchentche zikutera. Si nkhani yatsopano, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa kale mu 1981 malamulo oletsa kutsatsa mkaka wa m'chitini pamodzi ndi mabotolo ndi timphira take. Kuchipatala ku wodi ya kangaru, tiana tobadwa masiku asanakwane timamwetsedwa mkaka wofinya wa amayi awo ndi kakapu, osati botolo.

China ndi mano. Mwana wogona ndi botolo kukamwa, mkaka umaima kuzungulira mano akutsogolo am'mwamba, ndipo munthu akagona malovu amachepa nde palibe chotsuka. Kwezani mlomo wake wam'mwamba muone pomwe dzino lakumana ndi nkhama, mukaona kamzere koyera ngati choko ndiye kuwola kwayamba, pambuyo pake kamasanduka kachikasu, kenako kakuda, mano n'kumagumuka. Kumwa chogona kungayambitsenso matenda a m'khutu. Madokotala a ana amati botolo liyambe kuchoka pa chaka, ndipo pofika miyezi 18 likhale litachokeratu. Ine maganizo anga, mwana amene wafika miyezi 6 ali pa bere lokha asalidziwe n'komwe botolo, nthawi yoletsa ikadzafika achoke pa bere kupita pa kapu.

Koma tiyeni titenge mwana amene ali kale pa botolo, poti ameneyu ndiye amavuta. Tiyerekeze ali ndi miyezi 13, amayi ake amatchola tiyi, amachoka kusanache, mwana amatsala ndi agogo. Amamwa mabotolo anayi a mamililita 200, m'mawa, masana, chakumadzulo ndi pogona. Ndiye kuti patsiku akumwa 800. Agogo akudandaula kuti nsima safuna, phala amangolawa. Sangafune, wakhuta mkaka. Pa msinkhu umenewu mkaka wokwanira ndi pakati pa 300 ndi 500 patsiku, zinazo zichokere ku chakudya, ndipo mkaka wa ng'ombe uli ndi ayironi wochepa kwambiri moti mwana wokhuta mkaka wokhawokha amatha kuoneka wonenepa koma magazi ali ochepa. Nde musadabwe kuti akasamukira pa kapu azimwa mkaka wocheperapo, n'zomwe tikufuna, bola chakudya chikwere.

Sabata yoyamba musachotse botolo lililonse. Ingoyambani kapu ya madzi pa chakudya chilichonse monga tafotokozera, kuti luso libwere kaye. Ameneyu ndi wamkulu kale, aphunzira msanga kuposa wa miyezi 6. Sabata yachiwiri chotsani la masana, ndi lomwe mwana salisamala kwambiri poti amakhala ali kalikiliki kusewera. Agogo amupatse kaye nsima yofewa ndi msuzi wa nyemba kapena usipa wosinja ndi masamba otendera, akatha amupatse mkaka m'kapu, mamililita ngati 100, koma osathira onse kamodzi, azithira pang'ono akamaliza n'kuwonjezera. Tsiku loyamba mwina amwa theka n'kutaya theka. Zili bwino. Chofunika n'choti botolo lisaoneke ndi maso nthawi imeneyo, ndipo akalira musalitulutse, chifukwa mukalitulutsa kamodzi waphunzira kuti kulira kumabweretsa botolo. Pakapita masiku 4 mpaka 7 akuoneka kuti wazolowera, chotsani la chakumadzulo chimodzimodzi, m'malo mwake nthochi kapena mbatata ndi kapu. Kenako la m'mawa, amene akudzuka naye amupatse phala la Likuni kapena la mgaiwa wothira nsinjiro nthawi yomweyo asanayambe kulifuna.

La pogona ndiye lomaliza, ndipo pamakhala nkhondo, chifukwa mwana salifuna chifukwa cha njala, amalifuna kuti agone. Musamumane zonse kamodzi. Mupatseni mkaka m'kapu atangotha kudya chamadzulo, akali maso, mupukute mano ndi kansalu koyera kapena kamswachi kofewa, kenako mumubereke kapena mugone naye mukumusisita. Ngati akulirira botolo kwambiri, masiku oyamba mulipereke koma muchepetse, 200 ikhale 150, kenako 100, kenako 50, kenako mukhale madzi okha. Ana ambiri akaona kuti m'botolo muli madzi, mkaka uli m'kapu, amalitaya okha. Zonse pamodzi zimatenga mwezi kapena kupitirira pang'ono. Likachoka lichoke m'nyumba, osati kulibisa pamwamba pa kabati, poti tsiku lina usiku wina adzatopa n'kulitsitsa. Ndipo mugwirizane onse, amayi, abambo, agogo, azakhali. Nthawi zambiri dongosolo limafera kwa agogo, osati mwa nkhanza koma chisoni, nde akhale nawo pokambirana kuyambira pachiyambi, muwauze kuti agogo, akalira mumubereke, botolo lokhalo ayi.

Mkaka wake nawo tiunene. Wa ng'ombe kuno sutivuta, ku Bvumbwe ndi ku Goliati alimi a ng'ombe za mkaka ndi ambiri, koma wogula kwa mlimi uyenera kuwiritsidwa mpaka ubwate, poti wosawiritsa ungapatsire matenda kuphatikizapo TB ya ng'ombe. Osathira shuga, osasungunula ndi madzi. Kirimora si mkaka, ndi mafuta ndi shuga za mu tiyi wa akuluakulu, kondensi nayo ili ndi shuga wochuluka kwambiri. Mwana amene sanakwane chaka ndipo ali pa mkaka wa m'chitini angathenso kuumwera m'kapu, koma muyezo ukhale uja walembedwa pachitini, osachepetsa ufa kuti chitini chikhalitse. Madzi ake awiritsidwe, asazizire kupitirira mphindi 30 musanathire ufa, kenako muziziritse mkakawo musanamupatse, ndipo womwe wakhala maola 2 utayidwe. Kwa wosakwana chaka ameneyu musathamangire kuchepetsa mkaka ngati mmene tachitira ndi wa miyezi 13 uja, mkaka ukadali chakudya chake chachikulu, nde botolo lililonse lichoke pokhapokha akutha kumaliza muyezo womwewo m'kapu.

Kwa woyamwa bere nkhani ndi yosiyana pang'ono, chifukwa bere sitikulithamangitsa. Langizo ndi kuyamwitsa mpaka zaka 2 kapena kupitirira, kapu imangobwera kudzakhala pambali pake. Mayi amene akupita kuntchito kapena ku geni ku Limbuli angathe kuyamwitsa m'mawa asanachoke, kufinyira mkaka m'kapu yoyera yovindikira kuti wotsala ndi mwana amumwetse, n'kudzayamwitsanso madzulo ndi usiku. Mkaka wofinya kunja kwa firiji muuwerengere maola 4, uikidwe malo ozizira m'nyumba, mufiriji umakhala mpaka masiku 4. Osauwiritsa, ingoimikani kapuyo m'mbale ya madzi ofunda. Ukakhala umapatukana, mafuta pamwamba, sunawonongeke, ingougwedezani pang'ono. Lamulo la ntchito la 2000 limapereka masabata 8 okha a tchuthi cha uchembere, nde pali amayi amene amabwerera mwana ali ndi miyezi iwiri. Amenewa apemphe anamwino awaonetse, pamodzi ndi amene azitsala ndi mwanayo, kamwetsedwe ka mkaka wofinya ndi kakapu, ndipo ukhale mkaka wokha, madzi ayi. Kachinsinsi kena, mwana woyamwa amalandira kapu msanga kwa munthu wina kusiyana ndi kwa amayi ake, poti ali pamiyendo pa amayi akumva fungo la bere, angavutikirenji ndi kapu?

Nthawi yoletsa ikadzafika njira ndi yomwe ija ya botolo, kuchotsa kumodzikumodzi, kuyamba ndi kwa masana, kwa usiku komaliza. Izi zimathandizanso mayi. Mukaletsa tsiku limodzi mawere amatupa gwa, chifukwa thupi silinauzidwe kuti lichepetse. Akalimba finyani pang'ono pongofuna kuti ululu uchepe, osati mpaka aphwe, mukatero thupi lipanganso wina wambiri, ndipo muikepo kansalu konyowa kozizira. Mukaona mbali ina ya bere yafiira kapena yatentha, pali chotupa chowawa, thupi likuphwanya ngati malungo, pitani kuchipatala lisanachite mafinya. Zopaka tsabola kapena zowawa pabere, kapena kumutumiza mwana kwa agogo kumudzi wina sabata yathunthu, zimagwira inde, koma mwana amataya bere ndi amayi ake nthawi imodzi, ena amanyanyala ndi chakudya chomwe, ndipo ena onyentchera amene amathera pa chiponde nkhani yawo imayambira pa kuletsa kwadzidzidzi kotere. Zimachitika kwambiri mayi akatumbiza, anthu amati mkaka waipa, mwana atsegula m'mimba. Mkaka suipa chifukwa cha mimba, ungachepe kapena kusintha kakomedwe, koma pa mimba yopanda vuto mayi angathe kupitiriza, kapena kuletsa pang'onopang'ono. Amayi amene ali pa ma ARV nawonso asaletse mwadzidzidzi, apitirize mankhwala mwandondomeko ndipo za nthawi yoletsa ndi zoyezetsa mwana akambirane ndi a kuchipatala komwe amalandirira.

Mudziwa bwanji kuti zikuyenda? Onani matewera. Mwana amene akumwa mokwanira amakodza pafupipafupi, mkodzo woyera wopanda fungo lamphamvu. Mukaona tsiku lapita thewera langonyowa kawiri katatu, mkodzo wachikasu kwambiri, milomo youma, akulira opanda misozi, maso alowa kapena liwombo lalowa, madzi achepa m'thupi, bwererani pomwe munali, mupatseni bere kapena chomwe amamwa, ndipo ngati wafooka thamangani naye kuchipatala. Chachiwiri ndi sikelo, mzere wa m'kabuku uzikwera. Ukaima miyezi iwiri yotsatana nthawi yomwe mukusintha, ndiye kuti mkaka wachoka koma chakudya sichinalowe m'malo mwake, auzeni alangizi a zaumoyo. Chimbudzi chouma ngati timiyala nachonso chimaonetsa kuti madzi akuchepa.

Kukhosomola apo ndi apo masiku oyamba n'kwachibadwa, kawirikawiri mwapendeketsa kwambiri kapena mwadzazitsa. Imitsani, akhale tsonga, akhosomole yekha mpaka zithe, muyambirenso ndi madzi ochepa. Koma ngati patha masabata akutsamwa pafupifupi nthawi iliyonse, mawu akumveka ngati ali ndi madzi kukhosi akangomwa, maso akulengeza misozi, madzi akutulukira m'mphuno, milomo ikusintha mtundu, kapena chifuwa chikungobwerabwera, pamenepo si nkhani ya kapu, ndi kumeza. Zimaoneka kwambiri kwa ana amene anavutika pobadwa, amene khosi linachedwa kulimba kapena anadwalapo malungo aakulu. Ameneyu aonedwe ndi adokotala, musamukakamize.

Mwana akadwala dongosolo lonse liime. Malungo, kutsegula m'mimba, mano akumera ndi ululu, kusamuka nyumba, si nthawi yochotsa kalikonse, woyamwa ayamwe kuposa kale, mudzapitiriza akachira olo zitaoneka ngati mwabwerera m'mbuyo. Kapu yokha ndi yomwe siima, chifukwa Thanzi amamwera momwemo. Paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, mwana wosakwana zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100 akangochita chimbudzi chamadzi, pang'onopang'ono ndi kakapu kapena sipuni. Akasanza dikirani mphindi 10 muyambirenso mochedwerapo, ndipo wotsala akatha maola 24 mutaye musungunule wina.